Kusintha Chigayo Chakale ndi Chatsopano: Funso la Mayeso ndi Kayankhidwe Kake

Alangizi ambiri amene akuchita maphunziro a kayendetsedwe ka chuma amakumana ndi funso lofuna kudziwa ngati nkwanzeru kugulitsa makina akale ndi kugula atsopano. Funso lili m'munsili lakhazikitsidwa ku Parow, dera la mafakitale la mumzinda wa Cape Town. Kampaniyo ndi mitengo yake nzongoyerekeza, koma malamulo a msonkho ndi enieni a dziko la South Africa, kumene makampani akhala akulipira 27 peresenti ya phindu lawo kuyambira m'chaka cha 2023.

Funso

Kampani ina yogaya zakudya za ziweto ku Parow ili ndi chigayo chimene inagula chatsopano zaka zitatu zapitazo pa mtengo wa R500,000. Chigayochi chikhoza kugulitsidwa lero pa R160,000, kapena kugwirabe ntchito zaka zina zinayi kenaka nkugulitsidwa ngati sikirapu pa R20,000. Chigayo chatsopano, pamodzi ndi ntchito yochiimika, chikufuna R800,000. Chidzapulumutsa R220,000 chaka chilichonse pa magetsi, pa kukonzetsa ndi pa chimanga chotayika, ndipo pakutha pa zaka zinayi chidzagulitsidwa pa R150,000. Kampaniyo imafuna kuti ndalama zake zizibala 12 peresenti pachaka msonkho utachotsedwa. Kugula ndi kugulitsa kukuchitika tsiku loyamba la chaka cha msonkho, ndipo msonkho ukulipiridwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Kodi isinthe chigayo?

Yankho

Wophunzira ayenera kulemba ndalama zokhazo zimene zidzasinthe chifukwa cha chigamulochi. R500,000 yogulira chigayo chakale inapita kale, ndipo siibwerera ngakhale kampani itasankha njira iti. Ntchito yake m'funsoli ndi imodzi yokha, yothandiza kupeza mtengo umene chigayocho chatsala nawo m'mabuku a msonkho. Tsono patsiku loyamba kampani ikutulutsa R800,000 ndi kulandira R160,000, kutanthauza kuti ikulowetsa R640,000.

Ndalama yopulumutsidwa pachaka imakweza phindu, ndipo phindu likakwera msonkho umakweranso. Pa R220,000 kampani imatsala ndi 73 peresenti, yomwe ndi R160,600.

Pakubwera nkhani ya kutha kwa makina. Gawo 12C la lamulo la msonkho la chaka cha 1962 limalola kampani yopanga katundu kuchotsa mtengo wa makina atsopano pa phindu lake m'zaka zinayi: 40 peresenti chaka choyamba ndi 20 peresenti m'chaka chilichonse cha zitatu zotsatira. Kuchotsaku si ndalama yogwirika m'manja, ndipo amene amakulemba ngati ndalama yolowa amataya malikisi. Chogwirika ndi msonkho umene wapewedwa. Chaka choyamba kampani ichotsa R320,000, nipewa msonkho wa R86,400. M'zaka zina zitatuzo ichotsa R160,000 pachaka, nipewa R43,200 pachaka.

Pamene ophunzira ambiri amapunthwa ndi pa chigayo chakale, chifukwa chili ndi misonkho iwiri yobisika. M'zaka zitatu kampani yachotsa kale 80 peresenti ya mtengo wake, choncho m'mabuku a bungwe lotolera msonkho la SARS chatsala ndi R100,000. Chikagulitsidwa pa R160,000, ndiye kuti boma linalola kampani kuchotsa R60,000 yoposa kutha kwenikweni kwa chigayocho. Lamulo limabwezera R60,000 imeneyi pa phindu, ndipo msonkho wake ndi R16,200. Msonkho wachiwiri suoneka pa pepala lililonse la kampani. Chigayocho chikadakhala, kampani ikadachotsa R100,000 yotsalayo m'chaka choyamba ndi kupewa msonkho wa R27,000. Mwayi umenewo watayika, ndipo uyenera kuwerengedwa ngati ndalama yotuluka. Ziwirizi pamodzi ndi R43,200. Wophunzira angathe kudziyesa yekha: 27 peresenti ya R160,000 ndi R43,200 yomweyo, pakuti chigayo chimene chikadatheratu m'mabuku chaka chomwecho chili ngati chakhomeredwa msonkho pa mtengo wonse wogulitsira. Lamulo lili ndi njira yolola kampani yogula makina olowa m'malo mwa akale kugawa ndalama yobwezedwayo pa zaka zingapo, koma funso likapanda kuitchula, woyankha asaigwiritse ntchito.

Chaka choyamba chibweretsa R160,600 kuphatikizapo R86,400 kuchotsapo R43,200, zomwe ndi R203,800. Zaka zotsatira zibweretsa R160,600 kuphatikizapo R43,200, yomwenso ndi R203,800. Kufanana kumeneku kwangochitika m'funso lino, si lamulo ayi.

Kumapeto kwa chaka chachinayi chigayo chatsopano chidzakhala chitatheratu m'mabuku a msonkho, motero R150,000 yonse idzakhomeredwa msonkho ndipo kampani idzatsala ndi R109,500. Koma chigayo chakale nachonso chikadabweretsa R20,000, imene ikadasanduka R14,600 msonkho utachoka, ndipo kampani singagulitse chigayo chimodzi kawiri. Choonjezera chenicheni ndi R94,900.

Randi ya zaka zinayi zikubwerazo siilingana ndi randi ya lero, choncho ndalama zonsezi zibwezedwe pa mtengo wa lero. Pa 12 peresenti, ndalama yofanana yolandiridwa chaka ndi chaka kwa zaka zinayi imachulukitsidwa ndi 3.037, ndipo yolandiridwa kamodzi kumapeto kwa chaka chachinayi imachulukitsidwa ndi 0.636.

203,800 × 3.037 = 618,941
94,900 × 0.636 = 60,356
618,941 + 60,356 − 640,000 = 39,297

Zotsatira zake zili pamwamba pa ziro ndi pafupifupi R39,300, choncho kampani isinthe chigayo. Chiwongoladzanja cha ngongole yogulira makina sichilembedwa padera, popeza 12 peresenti ija yachiwerengera kale.

Yankholi nlolondola pa mayeso, koma mlangizi amene akulangiza mwini chigayo weniweni asalilandire mwachangu. R39,300 pa R640,000 ndi phindu lopyapyala, ndipo lonse laima pa mtengo wogulitsira wa m'chaka chachinayi. Popanda R60,356 ija, zotsatira zimagwa pansi pa ziro ndi R21,059. Kuwerengera chobwerera m'mbuyo kumaonetsa kuti chigayo chatsopano chikadzagulitsidwa pa mtengo wosakwana R65,000, kusinthako kudzakhala kotayitsa. Chovuta nchakuti mtengo umenewu ndiwo wosadalirika kwambiri m'funso lonse. Wogulitsa makina amautchula wokwera, pomwe wogula sikirapu amayeza zitsulo pa sikelo osafunsa kuti zinkagaya matumba angati pa ola. Chimodzimodzi, ndalama yopulumutsidwa pachaka ikatsika kuchoka pa R220,000 kufika pa R202,000 chabe, phindu lonse latha.

Chinanso, msonkho wopewedwa uli ndi tanthauzo pokhapokha ngati kampani ikupeza phindu lokhomeredwa msonkho. Imene ikuluza siilandira R86,400 ija m'chaka choyamba. Imaisunga kufikira chaka chimene idzapindule, ndipo pochedwapo mtengo wake wa lero umachepa.

Masitepe a kawerengedwe ndi omwewa m'maiko onse a chigawo chino, koma manambala a msonkho sawoloka malire. Ku Malawi makampani ambiri amalipira 30 peresenti, ndipo kachotsedwe ka mtengo wa makina kafunsidwe ku MRA, monganso ku Zambia kafunsidwe ku ZRA. Ngakhale ku South Africa komweko, mlimi wogula makina olimira amatsata gawo 12B, limene limamulola kuchotsa 50, 30 ndi 20 peresenti m'zaka zitatu.