Chidule cha Ndondomeko ya Bizinesi Chilembedwe Pomaliza

Chidule ndi tsamba limodzi lomwe limakhala patsogolo pa ndondomeko ya bizinesi, ndipo ntchito yake ndi kufotokoza ndondomeko yonseyo kwa munthu wa ntchito zambiri, monga mkulu woona za ngongole kapena komiti ya banki mkhonde, yemwe angathe kuwerenga tsamba lokhalo n'kugamula ngati masamba otsalawo ali oyenera kutsegulidwa. M'menemo muyenera kupezeka chimene bizinesi igulitse ndi malo ake, anthu ogula, woyendetsa ndi luso lake, mpamba wonse wofunika, gawo la mpamba lomwe banja lili nalo kale, ndalama zomwe likupempha, phindu loyembekezeka, komanso nthawi ndi njira yobwezera ngongoleyo.

Vuto lomwe alangizi amakumana nalo chaka ndi chaka nlakuti mabanja ambiri amalemba tsambali poyambirira, chifukwa chongoona kuti ndilo likhala patsogolo. Chizolowezichi chilibe phindu lililonse ndipo chiyenera kutha, popeza chidule chimafupikitsa zinthu zomwe zawerengetsedwa kale, pamene wochilemba poyamba amakhala asanafunse mtengo wa chinthu ngakhale chimodzi, motero amalemba zofuna za mtima wake m'malo mwa zotsatira za masamu.

Chitsanzo ndi banja lofuna kuweta nkhuku za nyama 100, ndipo mitengo yotsatirayi ndi yongophunzitsira, chifukwa yeniyeni imasinthasintha. Tsiku loyamba banjalo lilemba m'chidule kuti likupempha K500,000 kuwonjezera pa K350,000 yomwe lili nayo, kuti lidzagulitsa nkhuku zonse 100, ndipo lidzayamba kubweza mwezi woyamba ukatha. Likafika pa tsamba la masamu, lipeza kuti anapiye pa K2,000 mmodzi afuna K200,000. Lipezanso kuti nkhuku iliyonse imadya pafupifupi makilogalamu 4 pa masabata 6, kutanthauza matumba 8 a makilogalamu 50 pa nkhuku zonse 100, omwe pa K90,000 limodzi akwana K720,000. Ndipo katemera wa chitopa ndi gumboro, makala otenthetsera anapiye ndi utuchi zitenga K130,000. Mpamba wonse ufika pa K1,050,000, choncho ngongole yofunikadi ndi K700,000. Nkhuku zina zimafa ndithu ngakhale khola litasamalidwa bwino, ndipo zikatsala 95 n'kugulitsidwa pa K14,000 imodzi, zibweretsa K1,330,000, phindu n'kukhala K280,000 chiwongoladzanja chisanachotsedwe.

Apa ndi pomwe pamaonongekera zinthu, chifukwa kawirikawiri tsamba loyamba lija silibwereredwanso. Wowerenga akaona K500,000 patsogolo ndi K700,000 mkati safunsa kuti nambala yoona ndi iti, koma amangoganiza kuti mwini wake sakuidziwa bizinesi yake, ndipo ali ndi chifukwa chomveka choganizira tero. Choopsa kuposa kukanidwa ndi kuvomerezedwa, pakuti banja likalandira K500,000 yokha lipereweredwa K200,000, yomwe ndi matumba awiri a chakudya ndi pang'ono, ndipo kusowako kudzaonekera m'masabata omaliza, pamene nkhuku zimadya kwambiri. Zikatero mwini wake amazidyetsa madeya okha kapena kuzigulitsa zisanalemere, koma ngongole imakhala ikudikira yonse. Lonjezo lobweza mwezi woyamba ukatha nalonso limakhala lopanda maziko, chifukwa pa tsiku la 30 m'khola simunatuluke nkhuku yogulitsa ngakhale imodzi. Nzomvetsa chisoni kuona banja lomwe limadziwa bwino kuweta likulowa m'mavuto otere chifukwa cha tsamba limodzi lolembedwa mothamanga.

Ena amati kulemba chidule poyamba kumawathandiza kuona kumene akulowera. Zolemba zotere zingakhalepo pa pepala lapadera, koma zisalowe m'ndondomeko yokapereka.

Masamba onse akatha, wolemba atenge chiganizo chimodzi kapena ziwiri kuchokera m'gawo lililonse, ndipo nambala iliyonse aikopere monga momwe ilili mkatimo, osati kuchokera m'mutu. Kenako ayese chidulecho polozera chala pa nambala iliyonse n'kupeza tsamba lomwe yachokera. Yomwe ilibe kochokera ichotsedwe, chimodzimodzinso mawu onga akuti "msika ulipo wambiri", omwe ayenera kulowedwa m'malo ndi kutchula kuti ogula ndi malo odyera angati, atenga nkhuku zingati pa sabata, ndipo alipira pompo kapena pangongole. Pa banja la chitsanzoli, chidule chinene poyera kuti likupempha K700,000 pa mpamba wa K1,050,000, kuti likuyembekeza kugulitsa nkhuku 95, ndipo kubweza kuyambe pakatha miyezi iwiri. Mtengo wa chakudya ukasintha pepala lisanaperekedwe, masamu akonzedwe kaye, chidule chilembedwenso pambuyo pake.