Phunziro 6: Ndani amene ayenera kubweretsa umboni pakhoti?

Pamlandu wa munda, woweruza amamva nkhani ziwiri zotsutsana, ndipo iye sanalipo pamene zinthuzo zinkachitika. Nthawi zina mboni zimatha kulankhula iye akadali ndi chikayiko, komabe saloledwa kusiya mlandu osaugamula. Nchifukwa chake lamulo linaneneratu munthu amene chikayikocho chidzamugwetsa. Munthuyo ndi amene wasenza udindo wopereka umboni. Musanapite kukhoti ya distiritu, dziwani ngati udindowo uli pa inu kapena pa mnzanuyo.

Mlandu wa pakati pa anthu awiri

Buku la malamulo lotchedwa Kodigo Sivili, pa ndime 342, limati munthu amene akunena kuti ali ndi ufulu pa chinthu ndiye ayenera kutsimikiza mfundo zimene ufuluwo wakhazikikapo. Mnzake akayankha ndi mfundo yolepheretsa kapena yothetsa ufuluwo, iyenso ayenera kuitsimikiza. Choncho aliyense amasenza mfundo imene ikumukomera.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Angoniya anayamba kulima munda m'chaka cha 2008, mfumu itamusonyeza malowo. Mu 2022 pafika bambo wa kutauni ndi chikalata cha DUAT chimene chinalembetsedwa mu 2019, nakasuma kuti mayiyo achoke. Bamboyo ndiye wadandaula, motero ayenera kuyamba kusonyeza ufulu wake, ndipo akutulutsa chikalatacho. Mayiyo akuyankha kuti ufulu wake ndi umene unayamba. Lamulo la Malo nambala 19/97, pa ndime 12, limapereka ufulu kwa nzika imene yagwiritsa ntchito malo mwachilungamo kwa zaka zosachepera khumi, ndipo ndime 13 imati kusowa chikalata sikuchotsa ufulu umenewu. Koma popeza zaka khumizo zikukomera mayiyo, udindo wozitsimikiza uli pa iye.

Umboni wake sufunika kukhala pepala. Ndime 15 ya lamulo lomweli imavomereza mawu a mboni za m'deralo, amuna ndi akazi, komanso kuunika kwa akatswiri. Mayiyo angabwere ndi mfumu, anansi a m'malire ndi anthu amene anagwira ganyu pozula zitsa. Mitengo ya mango imene anabzala ingathandizenso, pakuti kukula kwake kumasonyeza zaka.

Ganizo la lamulo

Kodi mayiyo ayenera kupeza mboni ya chaka chilichonse kuyambira 2008? Iyayi. Pali mfundo zina zimene lamulo limazitenga ngati zoona mfundo ina ikatsimikizika. M'phunziro lino tikuzitcha ganizo la lamulo. Ndime 1254 ya Kodigo Sivili imati ngati munthu ali pamalo lero, ndipo analiponso kale, lamulo limaganiza kuti analipo nthawi yonse ya pakati. Mayiyo akatsimikiza za 2008 ndi za lero, zaka zapakati sizikhalanso pamutu pake. Zaka khumi zinakwana mu 2018, chikalata cha bambo uja chisanalembetsedwe.

Bamboyo akanena kuti mayiyo anausiya mundawo kuyambira 2012 mpaka 2017, udindo wasamukira kwa iye, monga zikunenera ndime 344 ndi 350. Apa pali kusiyana kumene muyenera kukumvetsa bwino. Pofuna kugwetsa umboni wamba wa mnzanu, ndi zokwanira kuchititsa woweruza kukayika, pakuti chikayiko chimagwera mwini udindo. Koma ganizo la lamulo siligwa ndi chikayiko chokha. Wolitsutsa ayenera kutsimikiza kuti zimene zinachitika ndi zosiyana nalo. Mboni yonena kuti inadutsa pamundapo tsiku lina mu 2014 niona tchire siikwanira, chifukwa mlimi amagoneka munda kuti nthaka ipume. Koma akabweretsa anansi otsimikiza kuti mayiyo anasamuka, ndipo banja lina linalima ndi kukolola pamenepo ngati pake zaka zisanu, ganizolo lagwa, ndipo zaka khumi zija sizikwananso.

Ganizo limeneli lili ndi malire awiri. Choyamba, kukhala pamunda lero kokha, popanda chikalata, sikuchititsa lamulo kuganiza kuti munalipo kale. Chaka chimene munayamba muyenera kuchitsimikiza nokha. Chachiwiri, ganizoli limanena za nthawi yokha, osati za chilungamo chanu polowa m'mundamo. Khalani ndi mboni zosonyeza kuti simunkadziwa kuti mukuphwanya ufulu wa wina. Apa mawu a mfumu imene inakusonyezani malo amalemera kwambiri.

Nanga umboni uchuluke motani? Pamlandu wotere woweruza safuna kuti chikayiko chilichonse chitheretu. Amayeza mawu a mboni, zikalata ndi zimene zaoneka pamunda, kufikira atakhutira mwanzeru kuti nkhaniyo inachitikadi chomwecho. Sawerenga kuchuluka kwa mboni. Awiri amene anaona ndi maso amaposa khumi ongomva.

Mlandu wa upandu

Tiyerekezenso kuti mlandu uja uli m'kati, nkhokwe ya mayiyo yapsa usiku. Dzulo lake bambo uja anamuopseza anthu akumva, ndipo mudzi wonse ukuloza chala kwa iye. Uwu ndi mlandu wa mtundu wina. Woimba mlandu tsopano ndi loya wa boma, ndipo chilango chingakhale ndende.

Lamulo Lalikulu la Dziko la 2004, pa ndime 59, limati woimbidwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira khoti itagamula komaliza. Ilinso ndi ganizo la lamulo, koma limatchinjiriza woimbidwa mlandu. Bamboyo sakakamizidwa kutsimikiza kumene anagona usikuwo, ndipo akasankha kukhala chete, kukhala chete kwakeko si umboni womutsutsa. Muyeso nawonso ndi wokwera: woweruza akatsala ndi chikayiko chomveka, ayenera kumumasula.

Kuopseza kuja kumasonyeza kuti bamboyo anali ndi chifukwa, koma sikusonyeza kuti ndiye anayatsa motowo. Ngati palibe amene anamuona, ndipo usiku womwewo panali moto wolusa wa osaka mbewa pafupi ndi nkhokweyo, chikayiko chilipo ndithu. Mnansi atati anamuona pa kuwala kwa moto akuthawa ndi chigubu cha petulo, ndipo wogulitsa petulo navomereza kuti anamugulitsa madzulo omwewo, nkhani ikanasintha.

Bamboyo akamasulidwa, musaganize kuti mayiyo wataya munda. Chigamulocho chikungonena kuti kutentha nkhokwe sikunatsimikizike. Nkhani ya mwini ufulu pamundapo idzagamulidwa pamlandu woyamba uja, potsata udindo ndi muyeso wake.

Zoyenera kuchita mkangano usanabuke

Lembani chaka chimene munayamba kulima munda uliwonse, ndi mayina a anthu amene analipo, achikulire ndi achinyamata omwe, popeza mboni zokalamba zimamwalira. Mukachoka kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena ntchito, dziwitsani mfumu ndi anansi kuti mundawo simunausiye. Mukabwereketsa munda, chitani zimenezi pamaso pa mboni, kuti wobwerekayo asadzaoneke ngati ankalima pake.

Mafunso okambirana pagulu

1. Pamlandu wa munda, ndi mfundo ziti zimene mayiyo anayenera kutsimikiza yekha, nanga ndi iti imene lamulo linamusenzera?
2. Nchifukwa chiyani mboni imene inaona tchire mu 2014 siikwanira?
3. Wina atakusumirani mawa, ndani m'mudzi mwanu angachitire umboni chaka chimene munayamba kulima munda wanu?