Za Kugawa Nthawi pa Mayeso Olanda Malikisi

Alipo mayeso ena amene wophunzira akayankha molakwa, amlanda malikisi amene anapata kale. Otere ndiwo mayeso a NEET, amene achinyamata a ku India amalemba pofuna kuphunzira udokotala. M'chaka cha 2025 mafunso anali 180 ndipo nthawi inali maola atatu. Funso lililonse linali ndi mayankho anayi oti munthu asankhepo limodzi. Wokhoza ankalandira malikisi 4, wolakwa ankamchotsera 1, koma wosiya funso osayankha sankapindula kapena kutaya kanthu.

Tsono mphindi 180 pa mafunso 180 zioneka ngati mphindi imodzi pa funso, koma wogawa chotero adzinyenga yekha. Mafunso 90 a bayoloje ambiri afuna kukumbukira chabe, pamene 45 a fizikisi afuna masamu. Nchifukwa chake wochenjera angathe kupatsa bayoloje mphindi 50, kemisitiri 50, fizikisi 65, nasunga 15 zobwerera ku mafunso amene anawalumpha. Likatha ola loyamba iye akali pa bayoloje, adziwe kuti wachedwa. Funso limene lamdyera mphindi ziwiri njira yake isanaoneke, alilembe chizindikiro napitirire, pakuti funso lovuta ndi lapafupi mtengo wake ndi umodzi.

Nanga aloze liti mwamwayi? Apa masamu anena zimene ambiri saziyembekeza. Munthu atalozera mafunso 20 osadziwa kanthu, kawirikawiri adzakhoza ngati 5 ndi kulakwa 15. Asanuwo ampatsa malikisi 20, olakwawo amlanda 15, natsala ndi 5. Phindu lilipo, koma nlochepa ndi losakhulupirika, chifukwa tsiku la tsoka angakhoze 2 okha, ndipo pamenepo wataya malikisi 10. Zisintha ndithu akatha kukana mayankho awiri amene aoneka poyera kuti ngabodza. Pa mafunso 20 omwewo adzakhoza ngati 10, ndiwo malikisi 40, nachotsa 10, natsala ndi 30. Funso lotere kulisiya nkutaya chuma panjira.

Loyenera kulilumpha ndilo limene sadziwapo kanthu, nalifunanso nthawi yaitali kuti alimasule. Chimene ataya pamenepo kwenikweni ndi mphindi zimene zikadampezera malikisi 8 kapena 12 kwina. Komanso awerenge malamulo a mayeso ake, pakuti chilango chisiyana: kumene wolakwa amlanda gawo limodzi mwa atatu a malikisi a funso, ndipo mayankho ali anayi, kulozera wosadziwa kanthu sikupindula konse.

Kulumpha kuli ndi msampha wake. Wolumpha funso la 37 angathe kulemba yankho la 38 pa mzere wa 37, ndipo mayankho onse otsatira asokonekera, iye osazindikira. Kotero ayenera kufanizira nambala ya funso ndi ya mzere pa tsamba lililonse, asanatembenuze pepala.