Kaundula wa M'kalasi: Kudziwa Mwana Amene Wayamba Kujomba

M'dera la Mfumu Simlemba, ntchito yothyola ndi kusoka fodya imachuluka m'teremu yachiwiri, ndipo ana ena amayamba kujomba kusukulu. Kaundula wa m'kalasi amaulula zimenezi msanga ngati mphunzitsi awerengetsera mwezi uliwonse.

Mphunzitsi amatenga masiku amene mwana anabwera, n'kugawa ndi masiku onse ophunzira, kenako n'kuchulukitsa ndi 100. Ngati mwezi unali ndi masiku ophunzira 20, mwana n'kubwera masiku 15, masamu ake ndi 15 ÷ 20 × 100, ndipo yankho ndi 75 peresenti. Sukulu ikaika malire pa 80 peresenti, ndiye kuti mwana ayenera kufika masiku 16 mwa 20. Mwanayu waperewera, choncho dzina lake limachongedwa ndi cholembera chofiira.

Posamala ndi pa mwana amene walembetsa mochedwa. Ngati wakhala m'kaundula masiku 10 okha n'kubwera 9, amagawa ndi 10, osati 20. Yankho ndi 90 peresenti, osati 45.

Mayina ochongedwa amapita kwa mphunzitsi wamkulu, kuti komiti ya sukulu ikacheze ndi makolo mwanayo asanasiyiretu sukulu.