Masiku 31 Achisomo: Kodi Inshuwaransi Imatha Mphamvu Liti?

Mwezi wa Febuluwale ndi wovuta m'makomo ambiri muno mu Ntcheu. Nkhokwe zimakhala zapepuka, ndipo ndalama yolipira inshuwaransi ya moyo kapena ya maliro imasowa. Mapangano ambiri a inshuwaransi amapereka masiku achisomo kwa munthu amene waphonya kulipira. Ena amapereka masiku 30, ena 31, ndipo chiwerengerocho chimalembedwa m'chikalata cha pangano. Vuto limabuka pa kawerengedwe kake.

Masikuwa amayambira pa tsiku limene ndalama inayenera kulipidwa, osati pa tsiku limene uthenga wokumbutsa wafika pa foni. Komanso masiku 31 si chimodzimodzi ndi mwezi umodzi, poti miyezi imasiyana kutalika.

Mwachitsanzo, mayi wina wogulitsa kachewere pa msika wa Lizulu amalipira pa 1 mwezi uliwonse, ndipo walephera kulipira pa 1 Febuluwale 2026. Kawirikawiri tsiku loyamba lachisomo limakhala lotsatira, lomwe ndi 2 Febuluwale. Pofika pa 28 Febuluwale, masiku amakhala akwana 27. Anayi otsalawo amagwera mu Malichi, choncho tsiku lomaliza ndi 4 Malichi. Akapanda kulipira pofika tsikulo, pa 5 Malichi pangano limakhala latha mphamvu. Koma ngati chikalata chake chikuwerenga 1 Febuluwale ngati tsiku loyamba, chisomo chimatha pa 3 Malichi. N'chifukwa chake wochenjera amatenga tsiku loyambiriralo kukhala malire ake.

Kusiyana kwa tsiku limodzi kungasaukitse banja. Mayiyu atamwalira pa 2 Malichi, kampani ingalipire ana ake, itachotsapo ndalama imene sanapereke. Atamwalira pa 6 Malichi, anawo akhoza kubwerako chimanjamanja, pokhapokha ngati panganolo ndi la mtundu wosunga ndalama ndipo linasonkhanitsa zokwanira kutseka ngongoleyo.

Pali msampha winanso. Kulipira mochedwa sikusuntha tsiku lolipirira. Mayiyu akapereka ndalama ya Febuluwale pa 3 Malichi, ya Malichi imakhala itachedwa kale ndi masiku awiri, ndipo masiku ake achisomo akuwerengedwa.

Pangano lotha mphamvu likhoza kudzutsidwa, koma movutikira. Kampani imafuna ndalama zonse zotsalira, nthawi zina ndi umboni wa thanzi, ndipo pa inshuwaransi ya maliro nthawi yodikira ikhoza kuyambiranso.

Wolipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba asunge uthenga wotsimikiza, chifukwa umaonetsa tsiku ndi nthawi. Pakabuka mkangano, dandaulo limayambira ku kampani, ndipo likakanika limapita ku Banki Yaikulu ya Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwaransi.