Mmene mungawerengere mphamvu ya loko ndi pini yanu

Kuno ku Nkwali ndi midzi ina yozungulira Mfuwe, manambala achinsinsi alowa m'nyumba zambiri. Ena amatseka chikwama kapena njinga ndi loko wa manambala, ndipo ambiri amasunga ndalama mufoni, monga pa Airtel Money, n'kuziteteza ndi pini. Kodi wakuba angayese kangati kuti atsekule? Yankho mungalipeze nokha ndi pensulo.

Njira yowerengera

Dzifunseni mafunso awiri. Malo olembapo ndi angati? Nanga pamalo alionse mungaike zizindikiro zingati zosiyana? Mukatero, lembani chiwerengero cha zizindikirozo kamodzi pa malo alionse, n'kuchulukitsa.

Tengani loko wa timawilo titatu. Kawilo kalikonse kali ndi manambala 10, kuyambira 0 mpaka 9. Kawilo koyamba kakaima pa 0, kachiwiri kangaime m'njira 10. Kakaima pa 1, njira zina 10, choncho mpaka pa 9. Timawilo tiwiri tapereka njira 100, ndipo kachitatu kachulukitsanso ndi 10.

10 × 10 × 10 = 1,000

Ambiri amaphonya pophatikiza, n'kupeza 30. Kuti mutsimikize, werengani kuchokera pa 000 kufika pa 999, mupeza kuti ndi 1,000.

Sandutsani yankholo kukhala nthawi

Tinene kuti munthu akuyesa nambala imodzi pa masekondi awiri alionse. Njira 1,000 azimaliza m'masekondi 2,000, omwe ndi mphindi 33 zokha. Mukapita kukatunga madzi kumjigo n'kuchedwako pamzere, ntchito yatha. Loko wa timawilo tinayi ali ndi njira 10,000, ndipo kuziyesa zonse kumatenga maola asanu ndi theka. Choncho pogula loko ku Mfuwe kapena ku Chipata, werengani kaye timawilo, chifukwa kamodzi kowonjezera kamachulukitsa ntchito ya wakuba kakhumi.

Pini ya manambala anayi nayonso ili ndi njira 10,000, koma imasiyana ndi loko chifukwa silola munthu kuyesa mmene angafunire. Mwachitsanzo, simu khadi imadzitseka mukalakwitsa pini katatu, n'kufuna nambala yotchedwa PUK. Woyesa mwachisawawa ali ndi mwayi wa 3 pa 10,000 basi.

Zimene zimachepetsa chiwerengero

Chiwerengero cha 10,000 chimagwira ntchito pokhapokha ngati pini mwaisankha mosatsata chilichonse. Mukaika chaka chobadwa, wakuba sayambira pa 0000. Zaka kuyambira 1940 mpaka 2010 zilipo 71 zokha, ndipo pa mwayi utatu uja, munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 24 alionse angaberedwe. Wokudziwani msinkhu ndiye savutika n'komwe, komanso tsiku lobadwa linalembedwa pa chitupa chanu cha NRC, chimene ambiri amachisunga m'chikwama chimodzi ndi foni. Tsiku ndi mwezi, monga 2410, zimapereka njira 366 zokha.

Ena amaganiza kuti kupewa kubwereza nambala kumalimbitsa pini. Werengani: malo oyamba ali ndi manambala 10, achiwiri atsala 9, kenako 8, kenako 7.

10 × 9 × 8 × 7 = 5,040

Lamulo lodziikira lokhali ladula njira pafupifupi ndi theka. Choopsa kwambiri ndi munthu amene waona mabatani anayi amene mumadina, ngakhale sanagwire ndondomeko yake. Iyeyo watsala ndi njira 4 × 3 × 2 × 1, zomwe ndi 24. N'chifukwa chake muyenera kuphimba foni ndi dzanja mukamatapa ndalama kwa ejenti.

Mukamagwiritsa ntchito zilembo

Pasiwedi ya imelo kapena ya Facebook imalola zilembo. Zilembo zazing'ono zilipo 26. Kuwonjezapo zazikulu zikhala 52, ndipo pamodzi ndi manambala zikwana 62. Pasiwedi ya zilembo zazing'ono 6 ili ndi njira 308,915,776. Mukasakaniza zizindikiro zonse 62 m'malo 6 omwewo, njira zimafika pafupifupi mabiliyoni 57. Koma mukangotalikitsa kufika pa zilembo zazing'ono 8, mupeza njira zoposa mabiliyoni 208. Apa mukuona kuti kutalikitsa ndi zilembo ziwiri kwaposa kusakaniza konse kuja. Komabe dzina la mwana wanu, kapena mawu ngati luangwa, ndi chinthu chimodzi chokha choyesa, ngakhale chitalike chotani.

Lero lomwe yang'anani pini yanu. Ngati ndi chaka chobadwa, 1234 kapena 0000, isintheni, ndipo yatsopanoyo musailembe pa chikuto cha foni.