Malata a mafiti 10 kapena 12? Yambani mwayeza kutsetsereka kwa denga

Ambiri akamagula malata pa Nchalo, Ngabu kapena Bangula amayamba kufunsa mtengo ndi geji. Funso loyamba likhale lakuti denga lidzatsetsereka bwanji, chifukwa ndi lomwe limakuuzani utali wa lata loti mugule.

Denga likagona kwambiri, madzi amayenda pang'onopang'ono m'ngalande za lata. Akafika polumikiza, pomwe lata lam'mwamba lasanjikana ndi lam'munsi, amalowa pakati pa malata awiriwo, mphepo n'kumawakankhira m'mwamba mpaka adonthere mkati. Kuno kuchigwa mvula yamphepo siyachilendo. Tonse tikukumbukira namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023.

Muyezo wosavuta ndi uwu: pa mamita atatu aliwonse kuchokera pakhoma kupita pakati pa nyumba, denga likwere mita imodzi. Amenewo ndi madigiri pafupifupi 18. Mukapanikizika, mita imodzi pa mamita anayi n'kotheka, koma musatsike kuposa apo ngati malata anu ndi olumikiza.

Tiyerekeze kuti nyumba yanu ndi ya mamita 6 m'lifupi ndipo denga ndi logwa mbali ziwiri. Kuchokera pakhoma kufika pakati ndi mamita atatu, choncho nsonga ya denga ikwere mita imodzi pamwamba pa khoma. Mukayeza motsetsereka mupeza mamita 3.16. Onjezerani masentimita 40 oti lata lituluke kunja, madzi asamanyowetse khoma, ndipo zikwana mamita 3.56. Lata la mafiti 12 ndi mamita 3.66. Likwana lokha popanda kulumikiza.

La mafiti 10 ndi mamita 3.05 basi, ndipo apa ndi pomwe anthu amalakwitsa. Poona kuti ndi lotchipirapo, amauza mmisiri kuti atsitse denga kuti latalo likwane. Denga likakwera theka la mita lokha, lata limathera pakhoma penipeni ndipo madzi onse amatsikira m'njerwa. Ena amawonjezera kachidutswa kumapeto, n'kupanga cholumikiza padenga logona kale. Kwa ine, ndalama yomwe mwapulumutsayo ndi yochepa poyerekeza ndi ya pulasitala ndi siling'i.

Ngati kulumikiza sikungapeweke, malata asanjikane masentimita 20 ndipo polumikizapo pagone pathabwa lokhomerapo, osati m'malere. Denga likakhala logonerako, fikitsani 25. M'mbali asanjikane mzere umodzi ndi theka, ndipo muyambe kukhoma kumbali yomwe mvula siiombera, kuti pakamwa pa cholumikiza pafulatire mphepo. Msomali ulowe pamsana pa mzere, osati m'ngalande.

Kwa amene denga likudontha kale, kwerani muone mkati. Dontho la malo amodzi nthawi zambiri ndi bowo la msomali. Koma thabwa limodzi likanyowa utali wake wonse, makamaka pa mvula yamphepo, vuto ndi cholumikiza. Phula pamenepo silikhalitsa ndi dzuwa la kuno. Zulani mzere wam'munsi, muikepo malata otalikirapo kuti alowe mokwanira pansi pa am'mwamba.